Musanasiye ntchito kuti mukhale telala, yesani msika ndi dzanja lanu

Mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wanga, amakhala ku Mponela. Kwa zaka zingapo ankagulitsa m'sitolo ya mbewu ndi feteleza, ndipo akaweruka ankakhala pa makina opalasa ndi mapazi amene mayi ake anamusiyira n'kumasoka madiresi a zitenje. Dzanja lake ndi labwino. Akavala diresi yosoka yekha ku tchalitchi, amayi ankamuzungulira n'kumagwira nsaluyo uku akufunsa kuti wakusokera ndani. Tsiku lina anandiimbira foni nati, "Alamu, ine ntchito ija ndikufuna kuisiya mwezi wamawa. Anthu akungondiyamikira, ndiye bwanji osangotsegula malo anga?"

Ine ndakhala pa makina nthawi yaitali, ndipo ndaona anthu aluso akutsegula mu Epulo n'kutseka mu Febuluwale. Ndinamupempha kuti andipatse miyezi ingapo tisanalembe kalata yosiyira ntchito. Zimene tinachita pa miyeziyo ndi zimene ndalemba apa, motsatana monga tinazichitira. Mafunso ake ndi awiri okha. Kodi anthu a dera lanu amatulutsa ndalama pa chovala chanji? Nanga chovala chimenecho inu mumatha kuchisoka bwino ndiponso mofulumira kuti chikudyetseni?

Choyamba, werengani amene analipira

Tengani kope la masamba 40 ndipo mulembe chovala chilichonse chimene mwasokera munthu pa miyezi itatu yapitayi. Pa chovala chilichonse lembani zinthu zitatu: mtundu wake, ndalama imene munalandiradi m'manja, ndiponso ngati munthuyo ndi wachibale, mnzanu, kapena mlendo amene anachita kukulondolani atamva kwa ena.

Mlamu wanga atalemba anapeza zovala 19. Mwa izo, 11 anasokera achibale ndi anzake osalandira kanthu, 4 analandira "ya ulusi" chabe, ndipo 4 zokha ndi zimene eni ake analipira mtengo wonse. Alendo enieni anali awiri. Anakhala chete pa foni kwa kanthawi, kenaka nati, "Koma onsewo ankati ndi zokongola." Zinalidi zokongola. Koma munthu wolandira diresi yaulere sangakuuzeni kuti m'khwapa mukumuthina, ndipo kuyamikira kwake sikukuuzani ngati mawa angatulutse K10,000. Amene muyenera kuwayang'anitsitsa m'kope lanu ndi alendo aja, makamaka mlendo amene anabweranso kachiwiri. Ameneyo ndiye mbewu ya msika wanu.

Kuyambira tsiku limenelo, lekani kusoka zaulere. Ndi zovuta, ndikudziwa, chifukwa mlongo wanu adzati mwayamba kudzimva. Muuzeni mwaulemu kuti mukuyesa ngati ntchitoyi ingakudyetseni, ndipo mutchulireni mtengo. Amene atsale pambuyo pa mtengowo ndi amene muwawerenge.

Chachiwiri, pitani mukaone chimene chikusokedwa pa msika

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene pali nkhani yonse. Munthu wosoka mongosangalala amasoka chimene mtima wake wakonda. Telala amasoka chimene chabwera pakhomo, ndipo kawirikawiri ziwirizi zimasiyana kutali.

Sankhani masiku atatu: tsiku la msika, tsiku wamba la pakati pa sabata, ndi Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Yendani m'makonde a masitolo mmene matelala amakhala. Werengani kuti alipo angati. Kenaka yang'anani pa chingwe chimene chili kumbuyo kwa aliyense, chifukwa chingwe chimenecho sichinama. Lembani zimene zapachikidwa: mayunifolomu angati, madiresi a zitenje angati, mathalauza odula m'munsi angati. Yang'ananinso mulu wa m'mbali mwa makina, wa zovala zimene sizinagwiridwe. Telala amene ali ndi mulu waukulu wa mtundu umodzi wa chovala akukuuzani, osayankhula, kuti ntchito imeneyo yachuluka kuposa manja.

Mlamu wanga anawerenga matelala 9 pa mbali imene ankafuna kukhala. Onse ankasoka madiresi a zitenje, ndipo atatu mwa iwo anali akatswiri odziwika kale, amene akwati amawafunafuna. Kutanthauza kuti pa chinthu chimene iye ankanyadira, akanakhala wachikhumi pamzere. Koma anaonanso china. Pafupifupi theka la anthu amene ankaima pa makondewo ankabwera ndi chovala cha pa kaunjika m'jumbo: thalauza lalitali miyendo, siketi yaikulu m'chiuno, jekete yofa zipi. Matelala akuluakulu ankazilandira monyinyirika n'kuziponya pamulu, chifukwa kwa iwo ndi ntchito yonyozeka.

Kaunjika musamamuone ngati mdani chabe. N'zoona kuti simungasoke shati wamba n'kuigulitsa motchipa kuposa ya pa mulu, ndipo amene wayesa wagwa. Koma belo lililonse likatsegulidwa limabala ntchito ya telala, popeza zovalazo sizinasokedwere matupi athu. Ndipo pali zinthu zimene pa kaunjika sizipezeka n'komwe: yunifolomu ya sukulu ya m'dera lanu, ya kwaya, ya amayi a Chigwirizano kapena a Mvano kapena a Dorika, ndi nsalu yofanana ya pa chinkhoswe. Zinthu zimenezi munthu alibe kwina kothawira, ayenera kupita kwa telala.

Mukatha kuyang'ana, funsani. Telala wamkulu musamufunse kuti amapeza zingati, sangakuuzeni ndipo mumukhumudwitsa. Mufunseni kuti, "Abambo, kodi ndi ntchito yanji imene mumabweza, kapena imene imakuchulukirani mpaka anthu kudandaula?" Mlamu wanga anafunsa choncho bambo wina wachikulire amene wakhala pa khonde limodzi zaka zambiri. Iwo anaseka pang'ono nati, "Mwana wanga, ubwere kumapeto kwa Ogasiti udzaone. Makolo amagona pano kudikira mashati ndi makabudula a anyamata. Madiresi a atsikana aliyense amasoka, koma kolala ambiri amaithawa." Mawu amenewo ndi amene anasintha ulendo wonse.

Funsaninso ogula, koma funso likhale la zimene zinachitika kale. Mukafunsa mayi kuti, "Kodi nditatsegula mungamabwere?" adzati inde chifukwa cha ulemu. Mufunseni kuti yunifolomu ya mwana wake anasoketsa kuti chaka chatha, analipira zingati, anadikira masiku angati, ndipo chinamunyansa n'chiyani. Mayankho amene mlamu wanga anamva mobwerezabwereza anali awiri: kuchedwa, ndi msoko wa pakati pa kabudula kusomoka mwana asanathe teremu imodzi. Palibe amene anadandaula za sitayilo.

Pitaninso kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ziwiri kapena zitatu zapafupi. Funsani ngati makolo amasoketsa kulikonse kapena sukulu ili ndi telala wake. Sukulu zambiri zolipira zimagulitsa zokha yunifolomu, ndipo ngati ntchitoyo anapatsa kale munthu, ana onse amene mukuwaona pabwalo si makasitomala anu. Ndi bwino kuzidziwa lero kusiyana ndi kuzidziwa mutagula kale mpukutu wa nsalu.

Chachitatu, pemphani dipoziti

Zonse mwamva pa msika ndi mawu. Kuti mudziwe ngati ndi zoona, sokani chitsanzo chimodzi cha chinthu chimene msika wakuuzani, muchionetse kwa anthu 20 amene si achibale, mutchule mtengo ndi tsiku lodzatenga, kenaka mupemphe theka la ndalama. Alipire pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba, zilibe kanthu, bola ndalama isunthe. Amene wati "ndibwera mawa" musamulembe.

Ine ndimati mwa anthu 20, akalipira asanu kapena kuposa, pali poyambira. Akalipira mmodzi kapena awiri, musafulumire kutsitsa mtengo. Yambani mwafunsa okanawo chifukwa chake, popeza mwina si mtengo koma nthawi: palibe kholo limene lingalipire yunifolomu mu Juni. Mlamu wanga anayamba ndi chikwangwani cha katoni pakhomo pake chonena kuti amachepetsa zovala ndi kuika zipi, kutenga tsiku lomwelo. Pa masabata anayi, akugwira madzulo ndi Loweruka lokha, analandira zovala 37. Pa nthawi yomweyo, odzasoketsa diresi ya chitenje anali atatu.

Chachinayi, yesani dzanja lanu ndi wotchi

Tsopano mwadziwa chimene anthu akufuna. Funso lowawa ndi lakuti, kodi mumachitha? Musayankhe ndi mtima. Sokani chovala chimenecho katatu, saizi imodzi, nsalu imodzi, ndipo nthawi iliyonse muike foni pambali iwerenge kuyambira pamene mwayala nsalu mpaka pamene mwasita komaliza. Kusomola ndi kubwereza kuwerengedwenso.

Mlamu wanga anasoka mashati atatu a mnyamata wa zaka 10. Yoyamba inamutengera maola 6, yachiwiri 5 ndi theka, yachitatu 5. Anabwera nawo ku Lilongwe kudzandionetsa, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kuwatembenuza kunsi. Chovala chimaweruzidwa m'kati. Kunja ayironi imabisa zambiri.

Tinawayala pa tebulo n'kuyamba ndi kolala. Pindani kolala pakati kuti nsonga ziwiri zikumane. Zikasiyana ngakhale ndi theka la sentimita, diso la kholo lidzaona mwana akangomanga batani la pakhosi. Pa mashati ake onse atatu nsonga zinasiyana, ndipo zinali zobulungira m'malo mosongoka, chifukwa sanadule nsalu yotsala m'kati mwa ngodya asanatembenuze. Kolala yakeyo inalinso yofewa ngati mpango popeza sanaikemo nsalu yolimbitsa.

Kenaka mikono. Pa phewa panali timakwinya, pena tiwiri pena titatu, chizindikiro chakuti mutu wa mkono unali waukulu kuposa bowo lake ndipo anaukakamiza kuti ulowe. Pa diresi ya chitenje makwinya oterowo amaoneka ngati sitayilo, n'chifukwa chake zaka zonsezi sanadziwe kuti ali ndi vuto limeneli. Shati ya sukulu sikhululuka.

Tinayang'ana msoko. Kokani nsalu mbali ziwiri za msoko mwamphamvu. Ulusi ukaonekera ngati mano, kapena ukaduka, msokowo sungapirire mwana wokwera mtengo wa mango. Yang'anani kunsi kwa msoko: mukaona ulusi wapanga timalupu, ndiye kuti ulusi wapamwamba ndi wolobodoka kapena simunaupitse bwino m'njira yake. Msoko ukachita makwinya ngakhale mutasita, ulusi wathina kwambiri kapena singano yabuntha. Pa nsalu ya shati singano ya nambala 14 imakwanira, pa khaki wa kabudula ikani 16, ndipo pa jini 16 kapena 18. Iye ankasoka zonse ndi singano imodzi mpaka ithyoke. Pakati pa kabudula, pamene makolo aja ankadandaula, pafunika kudutsa kawiri, ndipo pakamwa pa thumba lililonse pakhomedwe ndi ulusi wobwereza.

Chomaliza, tinachapa shati imodzi n'kuiyanika. Itauma, msoko wa m'mbali unapotokera kutsogolo. Izi zimachitika nsalu ikadulidwa mopingasa pang'ono, osatsatira mzere wa ulusi wake, ndipo kawirikawiri munthu amatero pofuna kupulumutsa nsalu. Kuchapako kumakuuzaninso ngati nsalu imafupika. Musanadule mpukutu watsopano, dulani kachidutswa ka masentimita 50, muchape, muumitse n'kuyezanso. Kakabwerera pa 48, nsalu yonseyo iyenera kunyowetsedwa isanadulidwe, apo ayi kabudula amene anakwana pa tsiku lotenga adzathina pakutha pa sabata.

Panatsala mabowo a mabatani. Makina opalasa amene ambiri tili nawo amasoka msoko woongoka wokha. Iye ankaluka mabowo ndi manja, asanu pa shati iliyonse, ndipo pamenepo pokha pankapita pafupifupi ola lathunthu.

Tinalemba m'kope lija mipata inayi: kolala, kulumikiza mkono, kudula motsatira ulusi wa nsalu, ndi mabowo a mabatani. Taonani kusiyana kwake. Akanangoti "ndikufuna kuphunzira utelala", akanalipira maphunziro a chaka chonse n'kuyambanso kuphunzira kupalasa makina. Polemba mipata ndi maina ake, anadziwa chenicheni chokagula.

Ngati mulibe wokuyang'anirani, gulani shati ya fakitale pa kaunjika, muisomole yonse ndi lezala pang'onopang'ono, muone mmene zidutswa zinadulidwira ndi dongosolo limene zinalumikizidwira. Ikani yanu pambali pake. Kapena pitani nayo kwa telala amene sakudziwani, mumulipire kangachepe, mumuuze kuti akuuzeni zolakwika zonse mosabisa.

Chachisanu, sandutsani maola kukhala ndalama

Mitengo imene ndiike apa ndi yongochitira chitsanzo, inu muikemo ya kwanu ndi ya lero. Kwacha yathu siima malo amodzi. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo nthawi zonse ziwiri ulusi, zipi ndi nsalu zinakwera msanga kuposa mtengo wosokera. N'chifukwa chake ndimakonda kuwerengera pa ola, chifukwa ola silisintha.

Tiyerekeze kuti pa ntchito yanu mumalandira K150,000 pa mwezi, ndipo simungakhale ndi yochepera apo. Onjezani zimene malo adzadya: lendi ya khonde, chiphaso cha khonsolo, makala a ayironi, ulusi, singano, mafuta a makina ndi lamba. Tinene kuti zonse ndi K50,000. Ndiye makina ayenera kutulutsa K200,000 pa mwezi.

Nanga maola? Apa anthu amadzinamiza. Mungakhale pa khonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma kuyeza anthu, kukambirana mtengo, kukagula zipi, kukoleza makala ndi kupita ku maliro kumadya nthawi. Maola asanu osoka zenizeni pa tsiku ndi chiwerengero choona. Pa masiku 24 amakwana maola 120. Gawani K200,000 ndi 120, mupeza kuti ola lililonse liyenera kubweretsa pafupifupi K1,670.

Tsopano ikani chovala chilichonse pa sikelo imeneyi, powerengera ndalama yosokera yokha, mwini wake atabwera ndi nsalu. Diresi ya chitenje ya K10,000 imene inkamutengera mlamu wanga maola 7, kuphatikiza kuyesa ndi kukonzanso, inkabweretsa pafupifupi K1,430 pa ola. Ndi pafupi ndithu, koma zinkabwera zitatu pa mwezi. Shati ya K3,500 pa maola 5 inkabweretsa K700 pa ola, osafika ndi theka lomwe la zofunika. Kudula thalauza m'munsi kapena kuchepetsa m'chiuno, K1,000 pa mphindi 20, kunkabweretsa K3,000 pa ola. Ntchito yonyozeka ija ndi imene inali pamwamba pa zonse.

Kuwerengera kumeneku kumakuuzaninso cholinga cha maphunziro anu. Kuti shati ya K3,500 ifike pa K1,670 pa ola, iyenera kutha pa maola awiri. Choncho sanapite kukaphunzira "kusoka shati bwino". Anapita kukaphunzira kuisoka bwino pa maola osaposa awiri.

Musaiwale mbali inayo. Ola la K3,000 lilibe phindu ngati pa mwezi mukupeza maola 12 okha a ntchito yotero. Zovala 37 zija zinali pafupifupi K37,000 basi. Kuchepetsa zovala kukanamugulira ndiwo tsiku ndi tsiku, koma pakokha sikukanadzaza maola 120. Ankafunika miyendo itatu ngati mafuwa: zochepetsa za tsiku ndi tsiku, mayunifolomu pa nyengo yake, ndi zitenje pa nyengo ya maukwati.

Chachisanu ndi chimodzi, tsekani mipata imene mwalemba

Mipata yochepa ndi yodziwika imatsekedwa msanga pa khonde la telala waluso. Mlamu wanga anabwerera kwa bambo achikulire aja n'kugwirizana nawo momveka: Loweruka lililonse kwa miyezi itatu, adzawalipira mwezi ndi mwezi, ndipo adzaphunzira kolala, mikono, kudula, ndi zipi ya kabudula. Gwirizanani zotere pachiyambi. Mukangoti "ndiphunzitseni", mudzatha miyezi mukusita ndi kuika mabatani pa zovala za eni ake.

Chimene chinadula maola kwambiri si kupalasa mofulumira ayi. Bambowo anamuonetsa mapatani a katoni, saizi zinayi za ana a pulayimale, opachikidwa pa msomali. M'malo moyeza mwana aliyense n'kujambula ndi choko kuyambira pachiyambi, amayala nsalu zingapo pamodzi, kuika katoni, kujambula, n'kudula mashati asanu kamodzi. Kenaka amasoka makolala onse asanu, matumba onse asanu, mikono yonse khumi, osasintha ulusi, osadzuka. Pakutha pa miyezi itatu, mashati asanu ankamutengera maola 8, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi 36 iliyonse. Pa K3,500, ndi pafupifupi K2,190 pa ola.

Mpata wa mabowo a mabatani sunali wa luso koma wa chipangizo, ndipo ndi bwino kusiyanitsa ziwirizi. Sanagule makina. Ankasonkhanitsa mashati n'kupita nawo kwa mnyamata wina wokhala ndi makina amagetsi, n'kulipira pa bowo lililonse, ndipo ndalama imeneyo anaichotsa pa mtengo wa shati powerengera. Chimodzimodzi ndi ovaloko yotchingira m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke. Lipirani kwa ena mpaka ndalama imene mukupereka pa mwezi ikule moti pa miyezi isanu ndi umodzi ingagule makinawo. Ndipo ngakhale mutagula amagetsi, opalasa aja musagulitse. Magetsi akathima sabata yotsegulira sukulu, ndi omwewo adzakupulumutseni.

Nanga sukulu ya ntchito zamanja? Ili ndi malo ake. Ngati mipata yanu ndi yambiri, makamaka ngati simutha kujambula patani kuchokera pa miyezo ya munthu, kapena mukufuna kudzasoka masuti ndi majekete, khonde lokha silikwanira. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndi limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, mmene ena amaphunzitsa utelala. TEVETA ilinso ndi njira yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito paokha kuti alandire satifiketi. Kholo lodzasoketsa kabudula silifunsa pepala, koma mukadzafuna ntchito ya ku fakitale kapena oda ya bungwe, pepalalo limatsegula chitseko. Sukulu yolipira iliyonse imene mukufuna kulowa, funsani kaye ngati ndi yolembetsedwa ku TEVETA, ndipo mukaone ndi maso kuti makina amodzi amagawana ophunzira angati.

Chachisanu ndi chiwiri, sankhani mwezi wosiyira ntchito

Utelala uli ndi nyengo ngati ulimi. Jambulani miyezi 12 m'kope ndipo mulembe chimene chimachitika kwanu mwezi uliwonse. Ku Mponela ndalama imayamba kuoneka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, ndiponso soya ndi mtedza zikayamba kugulitsidwa. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'chilimwe. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndiye kumapeto kwa Ogasiti ndi nthawi ya mayunifolomu. Pa 15 Okotobala pali Tsiku la Anakubala, pamene zitenje zimayenda, kenaka Khirisimasi. Ikangogwa mvula ndalama imapita ku feteleza ndi aganyu, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene makina amachita dzimbiri. Zovala zosokedwa kale zimakhala pa chingwe eni ake osabwera kudzatenga, ndipo apa ndi pamene theka lija la dipoziti limaonetsa ntchito yake. Kwanu mwina ndi kosiyana: ku Dwangwa ndi ku Nchalo muyang'ane malipiro a ku nzimbe, m'tauni muyang'ane kutha kwa mwezi ndi fizi.

Choopsa ndi kuyesa msika m'mwezi wonona n'kuganiza kuti chaka chonse n'chotero. Musanasiye ntchito, kope lanu likhale litadutsa mwezi umodzi wanjala, muone ndi maso kuti pansi penipeni ndi pati.

Ndinamuikira mlamu wanga zinthu zitatu zoti zikwane. Shati izitha pa maola osaposa awiri ndipo nsonga za kolala zizikumana. Kwa miyezi itatu yotsatizana, ntchito ya madzulo ndi Loweruka izibweretsa ndalama yosachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a K200,000 ija, ndipo azichita kubweza ntchito ina chifukwa chosowa nthawi. Ndiponso akhale atasunga, ku banki mkhonde kapena kwina, ndalama yokwanira lendi ndi chakudya cha miyezi itatu, yosakhudza mpamba wa nsalu.

Chachiwiricho chinamuvuta. Mu Febuluwale anapeza K41,000 yokha, ndipo anandiimbira mawu ali pansi. Tinayang'ana m'kope limodzi n'kuona kuti pafupifupi yonseyo inachokera pa zipi ndi zigamba, popeza pa nthawi ya njala anthu sasoketsa chatsopano koma amakonzetsa chakale. Anawonjeza pa chikwangwani chake mawu akuti amakonzanso zikwama za sukulu, nagula singano za nambala 18. Mu Epulo, Meyi ndi Juni anadutsa mzere uja, ndipo mu Juni anabweza oda ya kwaya chifukwa sakanaimaliza.

Anapereka kalata kumayambiriro kwa Julayi kuti amalize mwezi wa notisi bwinobwino, nasiyana ndi abwana ake mwamtendere. Sabata yoyamba ya Ogasiti anakwera minibasi kubwera ku Lilongwe, tinazungulira limodzi masitolo a nsalu a ku Area 2, ndipo anagula khaki ndi nsalu yoyera yokwanira mayunifolomu 20 okha, amene makolo 12 anali atalipira kale theka. Ankafuna kutenga mpukutu wathunthu chifukwa pa mita unkatchipa. Ndinamuuza kuti atenge nambala ya foni ya mwini sitolo, adzaitanitse wina 20 amenewo akatha.